Bondi yoti kampani ikhoza kuiwombola msanga: muziwerengera phindu lochepalo

Mukagula bondi, mwabwereketsa ndalama ku kampani kapena ku boma. Iwo amakupatsani chiwongoladzanja chaka ndi chaka, ndipo nthawi ikakwana amabweza ndalama yolembedwa pa bondiyo. Koma mabondi ena ali ndi ndime yopatsa wobwereka ufulu wobweza ngongoleyo tsiku lisanafike, pa mtengo womwe unalembedwa kale. Ufuluwu ndi wa wobwereka yekha, inu simungakane.

N'chifukwa chake papepala lomwe wogulitsa masheya kuno ku Blantyre angakupatseni pakhoza kukhala manambala awiri. YTM ndi phindu la pachaka mukasunga bondiyo mpaka kumapeto. YTC ndi phindu la pachaka ngati kampani yaiwombola pa tsiku loyamba lomwe ikuloledwa kutero.

Tiyerekeze bondi ya K100,000 yopereka K20,000 pachaka. Yatsala ndi zaka zisanu, koma kampani ikhoza kuiwombola pakatha zaka ziwiri pa K100,000 yomweyo. Chiwongoladzanja pamsika chatsika, aliyense akuifuna, ndiye inu mwaigula pa K110,000.

K10,000 yapamwambayo sidzabwerera. Funso ndi loti muitaya pa zaka zingati. Bondi ikafika zaka zisanu, kutayako kumagawika, pafupifupi K2,000 pachaka, ndipo K20,000 ija mumailandira kasanu. Ikawomboledwa msanga, mumataya pafupifupi K5,000 pachaka, mutalandira chiwongoladzanja kawiri kokha. Pakompyuta, mu Excel, lembani:

```
=RATE(5,20000,-110000,100000)
=RATE(2,20000,-110000,100000)
```

Woyamba upereka 16.9 peresenti, wachiwiri 13.9 peresenti. Bondi ndi yomweyo, mtengo womwewo, koma phindu lasiyana ndi 3 peresenti chaka chilichonse.

Chomwe chimandidetsa nkhawa n'choti nambala yotsikayo ndi yomwe imachitikadi kawirikawiri. Chomwe chinakweza mtengo wa bondiyo, kutsika kwa chiwongoladzanja, ndi chomwenso chimakopa kampani kuti iwombole. Ingamalipirenji 20 peresenti pamene ikhoza kubwereka kwina pa 15? Ndiye ndalama yanu imabwerera pa nthawi yomwe kulibe kwina kokaiika pa phindu ngati lakale. Munthu amene waika ndalama ya penshoni akuwerengera K20,000 kwa zaka zisanu amapwetekedwa kwambiri apa.

Si nthawi zonse YTC imachepa. Mukanagula pa K90,000, kuwombola msanga kukanakupindulitsani, koma pamenepo kampani ilibe chifukwa chothamangira, popeza ngongole yatsopano ingakhale ya chiwongoladzanja chokwera kuposa yakaleyo.

Choncho musanasayine, funsani tsiku loyamba lomwe angaiwombole komanso mtengo wake. Makampani ena amawonjezerako pang'ono: pa chitsanzo chathu chija, atalonjeza K103,000, YTC ifika pafupifupi 15.2 peresenti, yomwe ikadali pansi pa YTM. Ngati mtengo womwe mukugulira ukuposa mtengo wowombolera, werengerani phindu lanu pa nambala yotsikayo, ndipo muiyerekeze ndi zomwe mabondi a boma a zaka ziwiri akupereka sabata imeneyo.