Ngongole ikafa, tifunse kuti munthuyu anabwera ali choncho kapena anasintha atalandira ndalama

M'buku la wobwereketsa ndalama, ngongole zakufa zimaoneka zofanana. Pamakhala dzina, ndalama zomwe zinatuluka, ndi masiku omwe adutsa chilekereni kubweza. Koma kuseri kwa mzere umodziwo kumakhala matenda awiri osiyana, ndipo ife ogwira ntchito ya ngongole ndi inshuwalansi kuno ku Lusaka timawasokoneza kawirikawiri. Nthenda yoyamba ndi yakuti munthu anabwera kale ndi chiopsezo chomwe iye ankachidziwa, ife sitinkachiona, ndipo mtengo wathu ndiwo unamukopa pomwe anthu osamala unawathamangitsa. Yachiwiri ndi kutayirira. Munthu anabwera bwinobwino, koma atasaina pangano anayamba kuchita zomwe sakanachita ndalamazo zikanakhala zake. Yoyamba imalowa pakhomo pangano lisanasainidwe. Yachiwiri imabadwa pangano litasainidwa, ndipo nthawi zambiri pangano lomwelo ndilo limaibala.

Tiyeni tione ndi manambala. Awa ndi manambala ophunzirira chabe, osati a munthu weniweni. Mayi wina wa ku Chawama wabwereka K20,000 kwa miyezi itatu. Ali ndi njira ziwiri. Akagula mabelo a salaula n'kumagulitsa pamalo pake ku msika wa Soweto, pomwe ali ndi makasitomala akale, apeza K28,000 mosakayika. Njira ina ndi kuoda tomato wambiri nthawi imodzi poyembekezera kuti mtengo ukwera. Zikayenda apeza K32,000, koma magalimoto a tomato akasefukira pamsika sabata yomweyo atsala ndi K10,000 yokha. Tinene kuti mwayi ndi theka ndi theka. Mukaphatikiza ziwirizo n'kugawa pakati, tomato akubweretsa K21,000, kutali ndi K28,000 ya salaula. Ndalama zikanakhala za m'thumba mwawo, mayiwa sakanaganiza kawiri.

Tsopano ndalamazo ndi zobwereka, popanda chikole. Chiwongoladzanja chikakhala 10 peresenti, abweza K22,000. Pa salaula atsala ndi K6,000. Pa tomato, zikayenda atsala ndi K10,000, zikakanika satsala ndi kanthu, wobwereketsa n'kutola K10,000 yotsalayo. Pakati pake ndi K5,000. Salaula akadali patsogolo, mayi apita ku mabelo, aliyense agona tulo.

Wobwereketsa uja akamva kuti anzake akuluza, amaganiza zodziteteza pokweza chiwongoladzanja kufika 30 peresenti. Mayi ayenera kubweza K26,000. Pa salaula atsala ndi K2,000 yokha atakhala padzuwa miyezi itatu. Pa tomato, zikayenda atsala ndi K6,000, zikakanika palibe, pakati pake K3,000. Tomato wapambana. Onani kuti mayiwa sanasanduke mbava. Angowerengera bwino. Phindu likabwera ndi lawo, chitayiko chikabwera gawo lalikulu lili pamutu pa wina. Nanga wobwereketsa? Pa 10 peresenti ankalandira K22,000. Pa 30 peresenti alandira K26,000 kapena K10,000, pakati pake K18,000, yosakwana ngakhale mpamba womwe anatulutsa. Uku ndiye kutayirira, ndipo wakuyambitsa ndi iye mwini ndi cholembera chake.

Manambala omwewa tiwatembenuze. Tinene kuti pali amayi awiri, mmodzi amadziwa salaula yekha, wina amadziwa tomato yekha, ndipo palibe angasinthe malonda ake. Onse afika pa ofesi atavala chitenje chabwino, onse ali ndi kalata ya komiti ya pamsika. Akamva 30 peresenti, wa salaula aona kuti K2,000 siyoyenera thukuta lake, abwerera kukalowa chilimba ndi anzake. Wa tomato atsala, asaina. M'buku mudzalembedwanso K18,000 yomweyo, koma pano palibe amene wasintha khalidwe. Mtengo wangosefa anthu molakwika, wataya ufa n'kusunga gaga. Akatswiri a zachuma Joseph Stiglitz ndi Andrew Weiss anafotokoza zimenezi mu 1981 poyankha funso lomwe amalonda ambiri amafunsa mokwiya: n'chifukwa chiyani banki imakana munthu yemwe wavomera kulipira chiwongoladzanja chokwera? Yankho ndi lakuti kuvomera msanga mtengo wokwera ndi chizindikiro chomwe chimaiopsa bankiyo. A kaloba amadziwa zimenezi osawerenga buku, ndiye chifukwa chake amagwiriratu katundu wa m'nyumba.

Kusiyanitsa ziwirizi kuli ndi ntchito chifukwa mankhwala ake ndi osiyana. Ngati vuto ndi amene akubwera, ntchito yonse ili pakhomo. Timafunsa mbiri ya ngongole ku bungwe losunga mbiri za obwereka, timapita kukaona sitolo, timayamba ndi ngongole yaing'ono. Koma zonsezi sizikanathandiza pa mayi woyamba uja, chifukwa mbiri yawo inali yoyera ndipo mabelo analipodi tsiku loyendera. Iwo akufunika chinthu chomwe chipitirize kugwira ntchito ndalama zitatuluka. Ikani chikole cha firiji ya K6,000. Pa 30 peresenti, tomato akayenda apindula K6,000, akakanika ataya firiji ya K6,000, pakati pake palibe kanthu. K2,000 ya salaula yakhalanso yabwino. Ndiye chifukwa lamulo la 2016 lolola katundu wosunthika kukhala chikole, cholembetsedwa ku PACRA, bungwe la boma lolembetsa makampani, linali lofunika kwa anthu opanda chikalata cha nyumba. Njira zina ndi kulipira wogulitsa mabelo mwachindunji m'malo mopereka ndalama m'manja, kutulutsa ngongole m'zigawo, ndi kubweza sabata ndi sabata kuti vuto lioneke msanga. Ine ndimaona kuti yamphamvu kuposa zonse ndi lonjezo lakuti mukabweza bwino, ulendo wotsatira mudzapeza zochuluka pamtengo wotsika. Koma lili ndi malire ake. Munthu akadziwa kuti ngongole iyi ndi yomaliza, kapena wamva mphekesera kuti kampani ikutseka, lonjezolo limatha mphamvu tsiku lomwelo.

Kodi tingadziwe bwanji nthenda yomwe yatigwira, poti m'buku zikufanana? Pali zizindikiro, ngakhale sizipereka umboni wonse. Ngongole zofa pa kubweza koyamba penipeni zimaloza pakhomo, kuti tinalowetsa anthu omwe analibe pogwira chiyambire. Ngongole za makasitomala akale zofa titawonjezera ndalama kapena titasiya kuwayendera zimaloza kutayirira.

Kuyesa kwenikweni kunachitika ku South Africa. Akatswiri a zachuma Dean Karlan ndi Jonathan Zinman, mogwirizana ndi kampani ina yobwereketsa, anatumiza makalata pafupifupi 58,000 kwa makasitomala akale, ena akuuzidwa chiwongoladzanja chokwera, ena chotsika, mwa maere. Ochenjerawa anachita chinthu china. Ena mwa omwe anabwera atavomera mtengo wokwera anadabwitsidwa pa ofesi ndi mtengo wotsika. Tsono mukayerekeza amene anabwerera mtengo wokwera ndi amene anabwerera wotsika, onse akulipira wotsika womwewo, kusiyana kulikonse kukuchokera pa mtundu wa anthu omwe anakopeka. Mukayerekeza anthu omwe onse anabwerera mtengo wokwera, wina n'kutsitsiridwa wina ayi, kusiyana kukuchokera pa zochitika pangano litasainidwa. Enanso analonjezedwa kuti akabweza bwino, ngongole yamtsogolo idzakhala yotsika mtengo. Zotsatira zinatuluka mu 2009. Umboni wa kutayirira unali wamphamvu, makamaka chifukwa lonjezo lija linachepetsa ngongole zakufa, pomwe umboni wa kusefa kolakwika unali wofooka. Tisaiwale kuti awa anali makasitomala akale, osefedwa kale kamodzi. Kwa alendo obwera koyamba nkhani ingathe kukhala ina.

Ku inshuwalansi matenda ndi omwewa, zida zake n'zomwe zimasintha maina. Mwini galimoto yemwe wagula inshuwalansi yokwirira zonse angayambe kuisiya panja pa mpanda usiku ku Matero, kapena kuipereka kwa mphwake yemwe wangotenga kumene laisensi. Kampani singamuyang'anire usiku uliwonse, ndiye imaika ekisesi, ndalama zoyamba zomwe mwiniwake amalipira yekha pa ngozi iliyonse. Ekisesi ikakhala K3,000 ndipo kukonza kwakwana K10,000, kampani ipereka K7,000. Anthu amadandaula kuti uku ndi kubera, koma ntchito yake ndi yofanana ndi firiji ija, kuti ngozi imupwetekebe mwiniwake pang'ono. Kutsitsa mtengo kwa amene watha chaka osapempha malipiro kuli ngati lonjezo la ngongole yamtsogolo.

Nthawi yodikira pa inshuwalansi ya maliro, nthawi yoyambirira yomwe kampani siilipira wolembetsedwa akamwalira, ndi chida cha nthenda yoyamba ija. Palibe amene amafa mwadala chifukwa walembetsedwa. Chomwe kampani ikuopa ndi banja lomwe likulembetsa agogo sabata yomwe adokotala apukusa mutu. Ndiye chifukwa chake imfa ya ngozi nthawi zambiri imalipiridwa osadikira, popeza ngozi munthu saidziwiratu. Njira ina yotsekera khomo limeneli ndi kulowetsa aliyense mokakamiza. Pa NHIMA, inshuwalansi ya zaumoyo ya dziko lonse, wantchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro ndipo abwana ake amaikaponso 1 peresenti, wathanzi ndi wodwala chimodzimodzi, choncho athanzi sangathawe n'kusiya odwala okha m'thumba. Koma kukakamiza sikuchiza kutayirira. Chipatala chingathebe kulemba zoyeza zosafunika podziwa kuti wolipira ndi wina. Apa ndimachenjeza anzanga kuti munthu akayamba kupita kuchipatala kawirikawiri atapeza khadi, si nthawi zonse pamene akuwononga. Mwina ankangopirira matenda kunyumba chifukwa chosowa ndalama, ndipo inshuwalansi inabwerera anthu otere.

Pali chachitatu chomwe sichili mwa ziwirizi, ndipo wosachidziwa amalanga anthu osalakwa. Mu 2024 chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse. Owotcherera zitsulo ku Kalingalinga, ometa tsitsi ndi ogulitsa nyama ya m'firiji analephera kubweza nthawi imodzi, osamala ndi osasamala omwe. Chizindikiro chake ndi chimenecho, kugwa pamodzi kwa anthu a ntchito imodzi mwezi umodzi. Wobwereketsa amene anaona ngati ndi kutayirira n'kuyamba kunyamula makina owotcherera anagulitsa chikole pamsika wopanda ogula, ndipo anachotsa chida chokhacho chomwe chikanabweza ngongoleyo magetsi atabwerera. Pamenepo chofunika chinali kutalikitsa nthawi yobweza, ndi kupita kukaona ngati makinawo akadali pamalo pake.