Sikimu ndi chikonzekero cha phunziro: kusiyana kwake ndi kalembedwe kake

Aphunzitsi ambiri amene angoyamba kumene ntchito amadandaula kuti amalemba chinthu chimodzi kawiri: koyamba m'sikimu, kachiwiri m'chikonzekero cha phunziro, chomwe ena amachitcha lesoni pulani. Ndikaona zolemba zawo ndimapeza kuti akunena zoona, chifukwa amangokopera mzere wa m'sikimu n'kuuika patsamba lina. Komatu ziwirizi zimayankha mafunso osiyana. Sikimu imayankha kuti ndiphunzitsa chiyani sabata iti m'teremu yonse. Chikonzekero chimayankha kuti ndikalowa m'kalasi mawa, ine ndi ophunzira tidzachita chiyani m'mphindi zomwe tili nazo.

Sikimu imachokera m'silabasi ndipo imalembedwa teremu isanayambe. Musanalembe kalikonse, werengani nthawi. Tinene kuti teremu ili ndi masabata 12, ndipo awiri apita ku kubwereza ndi mayeso. Otsala ndi 10. Ngati masamu ali ndi mapiriyodi asanu pa sabata, muli ndi mapiriyodi 50, ndipo mitu yonse iyenera kukwana m'menemo. Wogawa mitu m'masabata onse 12 walowa kale m'ngongole asanaphunzitse n'komwe.

Tsamba la sikimu limagawidwa m'mizati: sabata ndi masiku ake, mutu, zizindikiro za kakhozedwe, ntchito zomwe zakonzedwa, njira zophunzitsira ndi zoyesera, zipangizo, ndi mabuku pamodzi ndi masamba ake. Kumapeto kumakhala malo olemba zomwe zachitikadi ndi ndamanga, ndipo amenewa amadzazidwa sabata ikatha. Mayina a mizati amasiyanako malinga ndi sukulu, koma mfundo yake ndi yomweyo. Mzere wa sabata yachinayi ukhoza kungoti: kuchotsera kobwereka, mapiriyodi asanu, mitolo ya timitengo, ntchito ya awiriawiri. Basi, kwa sikimu zakwana.

Kuchokera mumzere umodziwo mutuluka zikonzekero zisanu. Titenge cha Lachiwiri, piriyodi ya mphindi 35. Pamwamba palembedwe kalasi, tsiku, nthawi, phunziro ndi mutu wa tsikulo, womwe ndi wopapatiza kuposa wa m'sikimu: kuchotsera nambala za madijiti awiri mobwereka. Chizindikiro cha kakhozedwe chikhale chooneka ndi maso. "Ophunzira amvetsa kuchotsera" n'chosathandiza, pakuti kumvetsa simungakuone. Lembani kuti ophunzira achotsera molondola masamu anayi mwa asanu ofuna kubwereka.

M'munsi mwake tsamba ligawidwe pawiri, zochita mphunzitsi kumanzere, zochita ophunzira kumanja. Chiyambi chitenge mphindi 5, kukumbutsana za dzulo ndi samu yosafuna kubwereka ngati 58 − 23. Sitepe yoyamba, mphindi 10: mphunzitsi aika patebulo mitolo isanu ya timitengo khumikhumi ndi timitengo tiwiri tapadera, n'kufunsa kuti tichotsa bwanji 27. Pa tiwiri sitingachotsepo 7, choncho mwana mmodzi amasula mtolo umodzi, timitengo tapadera tikhala 12, mitolo itsala inayi. Akachotsa, patsala mitolo iwiri ndi timitengo tisanu, ndiye kuti 25. Sitepe yachiwiri, mphindi 15: ophunzira achita masamu asanu m'makope, woyamba awiriawiri, enawo aliyense payekha, mphunzitsi akuzungulira. Mathero, mphindi 5: mmodzi afotokozere anzake chifukwa chimene tinamasulira mtolo. Masamu asanuwo alembedwe m'chikonzekero momwemo, chifukwa wopeka samu ali pabolodi amapezeka wapereka yosafuna kubwereka n'komwe.

Ine ndikapatsidwa chikonzekero, ndimayamba kuyang'ana mzati wa kumanja. Ngati muli mawu oti "amvetsera" kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndimadziwa kuti mphunzitsi adzayankhula yekha mphindi zonse 35, ndipo zimandimvetsa chisoni chifukwa ana otere amatuluka osagwirako kamtengo ngakhale kamodzi.

Chomwe chimamanga ziwirizi pamodzi ndi ndamanga. Mukuzungulira muja mwina mwaona makope ambiri olembedwa kuti 52 − 27 = 35. Yankho limeneli likukuuzani pomwe pagona vuto: mwanayo wachotsa 2 pa 7 m'malo mobwereka, kenako 2 pa 5. Ndamanga isangoti phunziro linayenda bwino. Inene kuti pafupifupi theka la kalasi likutembenuza madijiti, ndipo Lachitatu tibwereranso ku mitolo tisanapite ku nambala za madijiti atatu. Pofika Lachisanu, zimenezi zilowe m'sikimu: mutu sunathe, piriyodi imodzi yadutsira m'sabata yachisanu. Tsopano mapiriyodi 50 aja muwawerengenso, muone mutu wopepuka umene ungapereke piriyodi imodziyo, ndipo mukonze masabata otsalawo lisanafike Lolemba.