Rodi takisi salipira yokha: yambani mwaŵerenga madisiki onse

Ntchito yanga ndi yosamalira mapepala a mamotoka a kampani ina muno mu Lusaka, ndipo achibale akagwidwa pa rodibuloko foni imalira ndi yanga. Dandaulo limakhala limodzimodzi: "Ndalama ndinali nayo, koma makina a RTSA anandikana." Nthaŵi zambiri makina a RTSA, bungwe la boma loyang'anira mamotoka ndi chitetezo pa misewu, sanalakwe. Madisiki a pa galasi la kutsogolo ndi omangana ngati ng'ombe za pa goli, imodzi ikagona ngolo siyenda.

Waiti buku, lomwe ndi umboni woti motoka inalembetsedwa m'dzina lanu, silitha ntchito chaka ndi chaka. Zimene zimatha ndi inshuwalansi, fitinesi ndi rodi takisi, kuphatikizapo msonkho wa utsi umene timautcha kaboni. Rodi takisi amaiŵerengera potengera kulemera kwa motoka, pomwe kaboni amayang'ana kukula kwa injini. Mutha kulipira rodi takisi ya miyezi itatu, isanu ndi umodzi, isanu ndi inayi kapena chaka chathunthu, koma imabwera pomalizira, inshuwalansi ndi fitinesi zili kale m'malo.

Alamu anga a ku Chilenje ali ndi ka Vitz kopitira ku ntchito. Disiki yawo ya rodi takisi inali kutha pa 30 Juni. Pa 29 madzulo anatsegula ZamPortal, webusaiti ya boma, kuti alipire miyezi isanu ndi umodzi, mpaka Disembala. Zinakana. Anandiimbira atakwiya, ine n'kuwauza kuti, "Alamu, tulukani ndi tochi muŵerenge madeti a pa galasi." Inshuwalansi inali kutha pa 31 Ogasiti, kutanthauza kuti sinali kufika kumapeto kwa miyezi imene ankafuna kulipira. Fitinesi nayo inatha mu Meyi osadziŵa, kadisiki kake katafufuma ndi dzuŵa mpaka manambala osaoneka bwino.

Inshuwalansi anaitalikitsa m'maŵa mwake. Apa pali msampha wina: pepala mutha kukhala nalo m'manja, koma ngati kampani ya inshuwalansi sinaloŵetse nambala ya motoka yanu m'makina a RTSA, kwa makinawo mulibe inshuwalansi. Musachoke pa kauntala asanakutsimikizireni kuti aloŵetsa, ndipo onani kuti nambala ailemba bwino, chifukwa chilembo chimodzi cholakwika chimakubwezani.

Fitinesi ndiye inadya masiku, poti iyi simungaimalizire pa foni. Motoka iyenera kufika kwa woyesa, monga ku Mimosa pa msewu wa Kafue. Woyesa amafananiza nambala ya chasisi ndi ya mu waiti buku, amayatsitsa malaiti onse, amayesa mabuleki ndi huta, n'kuŵerama kuona matayala. Ka Vitz kanagwa pa zinthu ziŵiri: laiti imodzi ya buleki inali yakufa, ndipo matayala a kumbuyo anali osalala ngati mutu wa dazi. Kababu ndi ka ndalama zochepa, koma matayala anadikira malipiro.

Pa masiku odikirawo alamu sanaimike motoka. Pa 4 Julayi anawaimitsa. Anatulutsa risiti ya inshuwalansi yatsopano n'kunena kuti, "Bwana, ndili mkati mokonza." Wapolisi anangoloza deti la pa disiki, ndipo sanalakwe. Lamulo la pamsewu, nambala 11 la 2002, limene linakhazikitsanso RTSA, limaletsa kuyendetsa motoka yopanda msonkho, ndipo kusoŵa fitinesi ndi mlandu wina pawokha. Choncho analipira faindi ziŵiri, osati imodzi. Akanathanso kuwalanda motoka kufikira mapepala atakwanira.

Faindi m'malamulo salemba m'makwacha, amalemba m'mayuniti. Mu 2024 yuniti imodzi inakwera kuchoka pa 30 ngwee kufika pa 40 ngwee, ndiye mlandu wa mayuniti 1,000 umene unali K300 unakhala K400 popanda kusintha liwu lililonse m'lamulo. N'chifukwa chake mtengo umene mnzanu analipira zaka zapitazo musamaudalire. Mukalipira povomera mlandu, tengani risiti ya boma. Ngati mukukana, nkhani imapita ku khoti. Ya "drinki" ija sindiiŵerengera n'komwe, chifukwa pa rodibuloko yotsatira disiki idzakhala ikadali yakutha.

Faindiyo sifafaniza ngongole ya msonkho. Alamu analipirabe rodi takisi kuyambira pamene yakale inathera. Izi zimapweteka kwambiri amene motoka yawo yakhala chaka pa matabwa kwa makaniko: ngati sanadziŵitse RTSA kuti motoka yaima, miyezi yonseyo imawadikira tsiku lokalipira. Wogula motoka yogwiritsidwapo kale afunse za ngongoleyi asanapereke ndalama, apo ayi adzaipeza pa kauntala posintha dzina.

Alamu tsopano anagula inshuwalansi ya chaka yothera limodzi ndi rodi takisi, ndipo ku fitinesi adzapita mwezi wathunthu deti lisanakwane.