Chifukwa chake diresi ya mkwatibwi imapserera pa kamera ya dijito

Kamera iliyonse, kaya ya filimu kaya ya pa foni yanuyo, kagwiridwe kake nkamodzi. Kuwala kumalowa pa lenzi, kachitseko kotchedwa shata kamatseguka kanthawi kochepa chabe kuti kudutse, kenako kumagwera pa chinthu chakumbuyo chomwe chimagwira chithunzicho. Kusiyana kwagona pa chinthu chakumbuyocho.

Filimu ndi kapulasitiki kopakidwa timchere ta siliva tosaoneka ndi maso. Kuwala kukatimenya timasintha koma simungaone kanthu mpaka filimuyo itatsukidwa ndi mankhwala mumdima, ndiye pomwe panagwa kuwala kwambiri pamada, nchifukwa chake pa negetivu, yomwe ndi filimu yotsukidwayo, malaya oyera amaoneka akuda bii.

Pa kamera ya dijito chinthu chakumbuyocho ndi sensa, ndipo ilibe mankhwala. Tangoganizani tizidebe mamiliyoni tondandalikidwa pabwalo kutchera mvula, kalikonse kamalandira kuwala nkukusandutsa magetsi, kamera nkuwerenga kuti kadzadza mpaka pati. Pa JPEG, mtundu wa fayilo womwe makamera ambiri amasungiramo zithunzi, nambalayo imayambira pa 0, komwe ndi kuda, kukathera pa 255, komwe ndi kuyera. Apa ndi pomwe pali nkhani yonse, chidebe chikadzadza chadzadza basi, mvula yoonjezera imangotayika.

Tiyerekeze ukwati wa mu Okutobala, masana dzuwa likuswa mtengo, akwati atuluka mutchalitchi aima pakhomo. Dzuwa lotere pa ISO 100, womwe ndi muyezo wa momwe filimu kapena sensa imamvera kuwala, limafuna bowo la lenzi laling'ono la f/16 ndi shata ya 1/125 ya sekondi. Inu mwasiya pa f/8, bowo lokulirapo, ndiye kuti kuwala kwalowa kochuluka kanayi. Filimu ya negetivu imapirira zimenezi chifukwa kuwala kukamachuluka imayamba kuda pang'onopang'ono, siyifika pothera mwadzidzidzi, ndipo wotsuka zithunzi amatha kutulutsabe malesi ndi timikanda ta pa diresi. Pa dijito tizidebe tonse ta pa diresipo tafika pa 255, pangoti mbee ngati pepala, ndipo ngakhale muchezere pa kompyuta kuchepetsa kuwala mungopeza kutuwa kosalala kopanda ulusi ndi umodzi womwe. Zimandipweteka ndithu ndikaona zotere, poti tsiku limenelo silibwereranso.

Musadalire sikirini padzuwa, imanamiza maso. Yang'anani kagirafu ka kuwala kaja kotchedwa hisitogalamu, kakaunjikana kukhoma lakumanja ndiye kuti mwapsereza, chepetsani kuwala mujambulenso pomwepo akwati asanasunthe. Kujambula mu RAW, fayilo yosunga zonse zomwe sensa yawerenga, kumapulumutsako pang'ono koma osati pomwe padzadziratu.

Kumdima zinthu zimatembenuka. Negetivu ikaperewera kuwala suti yakuda ya mkwati imatuluka yotuwa yopanda moyo, pomwe sensa ya masiku ano mungathe kukweza mithunzi mpaka mabatani kuoneka, kungoti mukanyanya pamabwera timadontho ngati mchenga. Ndiye pa dijito ine ndimayeza kuwala pa diresi, sutiyo ndimakaikonza kunyumba.