Yankho lanu lili pati? Za chiganizo chomwe chimanyamula chimangirizo chonse

Nyengo yochonga ikafika, pamakhala mapepala ena omwe amandivutitsa mtima kuposa a ana amene sadawerenge. Ndi mapepala a ana owerenga. Masamba asanu odzaza bwino, zaka zonse zolondola, mayina osaphonya, koma ndikafika kumapeto ndimapezeka ndalemba m'mbali ndi cholembera chofiira kuti: "Zonsezi nzoona. Nanga yankho lako lili pati?" Mwiniwake amabwera ku ofesi pepala lili m'manja, nkhope itagwa, nkufunsa kuti, "Aphunzitsi, ndalakwitsa pati?" Kunena zoona palibe pomwe walakwitsa. Chomwe chasowa ndi chiganizo chimodzi.

Chiganizo chimenechi m'makoleji amachitcha thesisi sitetimenti. Musachisokoneze ndi thesisi ija, buku lonse lomwe munthu amalemba pofuna digiri ya masitazi kapena ya udokotala. Ichi ndi chiganizo chimodzi, mwina ziwiri, chomwe chimanena poyera yankho la wolemba pa funso lomwe wafunsidwa, ndi chifukwa chomwe wayankhira choncho. Kawirikawiri chimakhala kumapeto kwa ndime yachiyambi. Ine pano ndizichitcha chiganizo cha mfundo yaikulu.

Kuti zimveke, titenge funso lomwe wophunzira mbiri ya dziko lino angakumane nalo: "Kodi nchiyani chidachititsa kuukira kwa John Chilembwe mu 1915?"

Ambiri amayamba motere: "Chimangirizo chino chifotokoza zomwe zidachititsa kuukira kwa Chilembwe." Apa wolemba wangobwereza funso. Watiuza komwe akupita koma sadatiuze chomwe wakapezako. Ena amati: "Chilembwe adaukira boma la atsamunda pa 23 Januwale 1915." Izi nzoona, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Palibe angatsutse, choncho palibe chofunika kuchiikira umboni m'masamba asanu. Buku lililonse la mbiri lanena kale.

Mtundu wachitatu ndi umene umanyenga kwambiri, chifukwa umaoneka ngati yankho: "Kuukiraku kudachitika pa zifukwa zambiri monga thangata, msonkho wa nyumba, nkhanza za Azungu a minda ndi nkhondo yoyamba ya dziko lonse." Wolemba wotere amapereka ndime imodzi kwa chifukwa chilichonse, zonse zofanana kukula, ngati milu ya tomato pamsika. Koma funso lenileni lidakali chiimire. Mwa zinayi, chachikulu nchiti? Chidabala chinzake nchiti? Thangata ndi msonkho zidalipo zaka zambiri 1915 isanafike, ndiye bwanji anthu adanyamula zida chaka chimenecho osati kale? Mndandanda sumayankha zimenezi.

Tsopano onani ichi: "Gwero la kuukira kwa Chilembwe lidali nkhani ya malo ndi thangata pa minda ya Azungu ya ku Chiradzulu; nkhondo ya 1914 idangofulumizitsa moto womwe udali ukunyeka kale."

Chiganizo ichi munthu wina wowerenga bwino angathe kuchikana. Angati ayi, nkhondo ndiyo idali pamtima pa Chilembwe, si uja adalembera nyuzi ya Nyasaland Times mu Novembala 1914 kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yosawakhudza? Kutsutsika kumeneku ndiye muyeso woyamba. Ngati mnzanu wa m'kalasi wanzeru zake sangathe kunena kuti "ine sindikugwirizana nazo", ndiye kuti simudanene kanthu kofuna chimangirizo. Koma samalani: kutsutsika si kutengeka mtima. "Chilembwe adali ngwazi yopambana onse" anthu angakangane mpaka dzuwa kulowa, koma palibe chikalata chomwe chingathetse mkanganowo. Mfundo yanu ikhale yoti umboni ungaichirikize, ndiponso umboni wina ungaigwetse.

Ntchito yaikulu ya chiganizochi, yomwe ophunzira ambiri saidziwa, si ya kwa wowerenga koma kwa wolemba mwini. Ndicho chimagamula zolowa ndi zotsala kunja.

Tiyeni tiyese ndi chitsanzo chathuchi. Mwawerenga kuti Chilembwe adapita ku Amereka ndi mmishonale Joseph Booth mu 1897, adaphunzira ku Lynchburg m'dera la Virginia, nabwerera mu 1900 kudzayambitsa mishoni ya Providence Industrial ku Mbombwe. Nkhani yokoma, ndipo dzanja limayabwa kuti muilembe yonse. Koma ifunseni: kodi ikuthandiza kusonyeza kuti gwero lidali malo ndi thangata? Zambiri mwa izo ayi. Zikwanira m'mizere iwiri yodziwitsa munthuyo, basi. Chomwe chikufunika ndime yathunthu nchakuti mishoniyo idayandikana ndi minda ya A. L. Bruce ku Magomero, komwe anthu okhala pamalopo, ambiri a iwo Alomwe ochokera ku Mozambique, amalipira lendi pogwira ntchito ya thangata, ndiponso komwe kapitawo wamkulu William Jervis Livingstone adadziwika ndi nkhanza ndi kutentha matchalitchi a mishoniyo omangidwa pamindapo. Ndime yotsatira itenge usiku wa kuukira womwewo: Azungu atatu omwe adaphedwa, kuphatikizapo Livingstone, onse adali a minda ya Bruce. Umenewo ndi umboni wolozera komwe kudali mkwiyo. Kenako ndime ya nkhondo, ndipo chiganizo chathu chatiuza kale malo ake: ibwere pambuyo, ngati chofulumizitsa, poyankha funso loti bwanji 1915.

Mwaona kuti dongosolo la thunthu la chimangirizo latuluka lokha m'chiganizo chimodzi chija. Ndime iliyonse tsopano ili ndi ntchito, ndipo chiganizo chake choyamba chiyenera kunena ntchitoyo. Ndime yoyamba ndi mawu oti "Chifukwa china chidali msonkho" ndi ya mndandanda. Yoyamba ndi mawu oti "Msonkho udapweteka kwambiri chifukwa udakankhira anthu ku ntchito ya pa minda yomweyo" ndiyo yamangirizidwa ku mfundo yaikulu.

Pano ndipatukeko pang'ono. Ndimaganiza kuti china chomwe chimatipinga ndi ulemu wa kayankhulidwe kathu. Pabwalo la milandu kwa mfumu, kapena ankhoswe akakhala pansi, munthu wamkulu sayamba ndi chigamulo. Amazungulira, athokoze, atchule zakale, aponyepo mwambi, mfundo nkudzaitula kumapeto anthu atafewa mitima. Ndi luso lalikulu ndipo sindikulinyoza. Koma chimangirizo cha ku koleji chimayenda chobwerera: chigamulo patsogolo, umboni pambuyo. Chifukwa chake nchakuti wowerenga sali pamaso panu kuti akufunseni komwe mukulowera. Akadziwa yankho lanu pa tsamba loyamba, amatha kuyeza umboni uliwonse pomwe akuuwerenga. Akapanda kulidziwa, amangosenza mfundo zanu osadziwa kokazitula. Ophunzira ena amaopanso kuti kunena maganizo awo poyera nkudzikweza pamaso pa aphunzitsi odziwa zambiri. Sichoncho. Wochonga sakufuna kuti mugwirizane naye, akufuna aone ngati mungaime pa mfundo nkuiteteza.

Tibwerere kwa Chilembwe, chifukwa nkhani sidathe. Mukamawerenga mozama mupeza zinthu zosagwirizana ndi chiganizo chanu. Gulu lina la oukirawo lidapita ku Blantyre kukathyola nkhokwe ya mfuti ya kampani ya African Lakes ku Mandala. Ku Ntcheu, kutali ndi minda ya Bruce, Filipo Chinyama naye adakonza zoukira. Ndipo ena mwa atsogoleri, monga John Gray Kufa wodziwa zachipatala ndi Duncan Njilima wamalonda, sadali anthu a thangata konse. Adali ophunzira, okhala ndi chuma chawo. Ngati nkhani idali thangata yokha, amenewa adalowamo bwanji?

Apa pali njira ziwiri. Yoyamba, yomwe ndimaiona kawirikawiri, nkubisa umboni wovutawo poyembekeza kuti wochonga sazindikira. Amazindikira. Yachiwiri nkubwerera ku chiganizo chija nkuchikonza kuti chinyamule zomwe mwapezazo: "Ngakhale atsogoleri ake adali anthu ophunzira okwiya ndi tsankho la boma la atsamunda lonse, kuukira kwa 1915 kudapeza anthu ndi mphamvu zake m'madandaulo a thangata pa minda ya Bruce, ndipo nkhondo idangosankha nthawi." Chatalikirapo, koma tsopano chikusiyanitsa zinthu zitatu: chomwe chidakwiyitsa atsogoleri, chomwe chidasonkhanitsa otsatira, ndi chomwe chidasankha nthawi. Liwu loti "ngakhale" likulonjeza wowerenga kuti mbali yotsutsa muipatsa ndime yake. Katswiri wina wa mbiri angatsutsebe, ndipo palibe vuto.

Choncho musakhulupirire kuti chiganizochi chimalembedwa kamodzi poyamba nkusiyidwa. Choyamba chija nchongoyendera, chokuthandizani kudziwa zoti mufunefune m'mabuku. Chenicheni chimapsa mukamaliza kulemba koyamba. Pali chizolowezi chimodzi chomwe ndimauza aliyense wobwera ku ofesi ndi pepala lofiira. Werengani ndime yanu ya mathero. Nthawi zambiri yankho lenileni limakhala litabisala m'menemo, chifukwa munthu amadziwa chomwe akuganiza akatha kulemba. Litengeni mulikweze ku chiyambi. Kenako werengani chiganizo choyamba cha ndime iliyonse motsatizana, kudumpha zina zonse, ndipo pa chilichonse mudzifunse ngati chikukankha mfundo yaikulu kupita patsogolo. Ndime yomwe siikutero ichotsedwe, ngakhale ikhale yomwe mudaivutikira usiku wonse, kapena ngati ili yofunikadi, ndiye kuti chiganizo chanu nchomwe chili chopapatiza.

Kukula kwa mfundo kuyenderanenso ndi kukula kwa pepala. "Utsamunda udasaukitsa Afirika" si mfundo yoti munthu aitsimikize m'mawu 1,500. Boma limodzi, zaka zochepa, funso limodzi, ndizo zimatheka.

Si zolemba zonse zimafuna chiganizo chotere. Chimangirizo chosimba nkhani, monga zija za ku sekondale za ulendo wa kumudzi, chimayenda ndi nthawi osati mtsutso. Lipoti la ku labotale lili ndi dongosolo lakelake. Ndipo mawu a funso amakuuzani mtundu wa yankho lofunika: funso loti "yerekezani" likufuna munene kusiyana komwe kuli kofunika koposa ndi chifukwa chake, pomwe loti "mukugwirizana nazo mpaka pati" likufuna mutchule malirewo, osati kungoti mbali zonse zili ndi mfundo.

Mtsikana wina yemwe ndidamulembera "yankho lako lili pati" adatsegula pepala lake pa tebulo langa, nayendetsa chala mpaka tsamba lachisanu, mzere wachitatu kuchokera pansi. "Si ili apa, aphunzitsi?" Lidalidi pomwepo, lomveka bwino: kuti Chilembwe sakadapeza omutsatira popanda thangata. Ndidamubwereka cholembera chofiira chija kuti alizungulize yekha, najambule muvi wopita ku tsamba loyamba. Pepala lomwe adabweretsa sabata yotsatira lidachepa ndi tsamba limodzi, ndipo ulendo wa ku Amereka udatsala mizere iwiri.