Mabulekiwo sanaduke ayi, munawawotcha nokha

Ndakhala ndikuphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto kwa zaka zambiri, ndipo mawu amene amanditopetsa kwambiri ndi akuti "galimoto inaduka mabuleki pamtsetse". Munthu amanena zimenezi atagwira m'chiuno, ngati mabuleki ndi chingwe cha mbuzi chimene chimangoduka chokha. Nthawi zina paipi imabookadi, sindikukana. Koma mukafufuza bwino ngozi zambiri za pamtsetse mupeza kuti palibe chinaduka. Mabulekiwo anapsa, ndipo anawawotcha ndi dalaivala yemweyo, amene anatsika phiri lonse ali pa giya yayikulu phazi lili pa buleki.

Taganizirani msewu wochoka ku Blantyre kutsikira ku Chikwawa. Blantyre ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, pamene kuchigwa cha Shire ndi mamita 100 kapena kucheperapo. Galimoto yolemera makilogalamu 1,500, kuphatikizapo anthu ndi katundu, ikatsika mamita 900 amenewo, mphamvu imene imafunika kuyigwira kuti isathawe ndi yokwanira kuwiritsa madzi malita 40, ndiye kuti ndowa ziwiri zodzadza. Mphepo ndi matayala zimachotsako gawo lina, koma kutentha kotsalako kuyenera kupita kwinakwake. Mukatsika pa giya yaying'ono, injini imathandiza kugwira galimoto ndipo mabuleki amapeza mpata wozizira. Mukatsika pa giya 5, kapena pa fili, moto wonsewo umathera pa mapadi, tinthu tosaposa chikhatho chanu.

Mapadi akatentha mopitirira amayamba kuterera. Muponda, pedulo ili yolimba bwinobwino, koma galimoto sikumva, ndipo fungo la chinthu chopserera limalowa m'kati. Chimenecho ndi chenjezo loyamba, ndipo pamenepo mukadali ndi mwayi woima. Mukapitiriza, mafuta a mabuleki amawira. Mafuta a DOT 3 akakhala atsopano amapirira mpaka madigiri 205, koma mafutawa amayamwa chinyezi, ndipo akakalamba amatha kuwira pa madigiri 140 okha. Akawira mumapaipi mumakhala nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika. Pedulo imangoti fwaa mpaka pansi.

Zimenezi zinamuchitikira mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa ndekha, ndipo nkhani yake imandivutabe mumtima. Anali wodekha, mayeso anakhoza ulendo woyamba. Patapita miyezi ingapo anagula kagalimoto ka otomatiki ka mipando 7, ndipo tsiku lina ananyamula abale kupita kumaliro kuchigwa. Mukudziwa mmene timapakirira pa maliro: anthu 9, thumba la ufa, nkhuni, chigubu cha madzi. Anatsika ali pa D kuyambira pamwamba, phazi lili pa buleki mopepuka, liwiro la makilomita 40 pa ola. Iyeyo ankaona kuti akuyendetsa mosamala, ndipo aliyense m'galimotomo akanamuchitira umboni. Ali chapakati azakhali ake anafunsa kuti, "Kodi mwanangu, chikununkhachi n'chiyani?" Iye anayankha kuti ndi lole imene inali patsogolo. Atadutsa makona ena awiri pedulo inalowa pansi. Mwayi wake anakumbuka kukhotetsera kukhoma la phiri osati kuphompho, galimoto n'kukhula m'mbali mpaka kuima m'ngalande. Azakhali aja anathyoka mwendo, ndipo mpaka lero amayenda ndi ndodo.

Patatha ola limodzi makaniko anafika, n'kuponda buleki, n'kupeza ili gwa. Abale ena anayamba kunong'onezana kuti pali dzanja la munthu, poti mabuleki sangafe n'kudzukanso okha. Chonsecho mafuta aja anangozizira, nthunzi n'kubwerera mwakale. Nditamufunsa mnyamatayo chifukwa chimene sanaike pa 2 kapena pa L, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Aphunzitsi, zilembo zimenezo simunandiuzepo ntchito yake." Ananena zoona. Tinkaphunzira pa galimoto ya magiya apamanja, m'misewu ya m'tauni, ndipo phiri lalitali sitinatsikepo ngakhale kamodzi. Kuyambira pamenepo sindimulola wophunzira kupita kumayeso asanatsike nane mtsetse weniweni.

Ndiye mverani. Giya yotsikira imasankhidwa pamwamba, galimoto isanayambe kuthamanga. Akale ankati giya imene mungakwerere phiri ndi yomweyo yotsikira, ndipo mawuwo akadali othandiza, kungoti injini za masiku ano zili ndi mphamvu zokwera pa giya yayikulu, choncho potsika chotsaniponso imodzi. Pa galimoto yaying'ono, mtsetse wa phula wokhala ndi makona otambasuka umafuna giya 3. Makona othina ngati a ku Khwekhwelere, potsikira ku Golomoti, amafuna giya 2, makamaka mukanyamula. Mudziwa kuti mwasankha bwino ngati mutachotsa mapazi onse galimoto ikuyenda pa liwiro limodzimodzi kapena ikuwonjezera pang'onopang'ono. Ikawonjezera, pondani buleki molimba kwa masekondi atatu kapena anayi, liwiro litsike ndi makilomita 10, kenako chotsani phazi lonse kuti mabuleki apume. Ngati mukupondaponda osalekeza, giyayo yakula, tsitsaninso.

A otomatiki, yang'anani pa ndodo yanu ya giya. Pansi pa D pali 2 ndi L, kapena S ndi B, kapena M yokhala ndi + ndi -. Zina zili ndi kabatani kam'mbali kamene mukakadina pamayaka O/D OFF, ndipo pamtsetse wosatsika kwambiri kameneko kamakwanira. Mungasunthe ndodoyo galimoto ikuyenda, bola muyambe mwachepetsa liwiro. Injini ilira mokweza, muvi woonetsa kuzungulira kwa injini ufika pa 3,000 kapena 4,000 ngati ndi ya petulo, ndipo okwera ayamba kukuyang'anani. Asiyeni ayang'ane. Malinga muvi sunafike pofiira injini sikuvulala, ikugwira ntchito yake.

Za fili ndiye zimandikwiyitsa. Madalaivala ena a minibasi amaika pa fili poti akusunga mafuta, ena mpaka kuzimitsiratu injini. Galimoto zambiri za masiku ano, mukachotsa phazi pamoto ili m'giya, kompyuta imadula mafuta opita mu injini, pamene pa fili injini imamwabe kuti isazime. Ndiye mukusunga chiyani? Mukazimitsa, mphamvu yothandizira buleki imatha mukangoponda kawiri kapena katatu, chiwongolero chimalemera, ndipo mukapotoza kiyi mopitirira chimatha kukhomeka muli pakona. Kutsika mutaponda kilatchi ndi fili yomweyo, musadzinamize.

Pokwera vuto ndi kuchedwa kusintha. Munthu amakakamira giya 4 mpaka galimoto kuyamba kunjenjemera, ndiye posintha liwiro latha kale, giya 3 sikokanso, 2 walephera kulowetsa, injini thii. Tsitsani giya injini ikadali ndi mawu. Ikazima musachite phuma: buleki, handibuleki, lizani injini, giya 1, kwezani kilatchi mpaka mphuno ya galimoto itukuke pang'ono, kenako masulani handibuleki. Kuimika galimoto pachitunda ndi kilatchi yokha n'kuwotcha ndalama zanu.

Nanga mukakumana pamalo opapatiza, apatuke ndani? Wotsika ndiye amapereka mpata kwa wokwera. Chifukwa chake n'chapafupi. Wotsika akaima, kunyamukanso n'kungochotsa phazi pa buleki. Wokwera akaima, makamaka atalemedwa, pa miyala kapena pamatope, mwina sanyamukanso, matayala angozungulira kapena galimoto ibwerera m'mbuyo. Zikafika poti wina abwerere, abwerere ndi wotsika yemweyo, chifukwa kubwerera chokwera injini ndiyo imakoka ndipo mukachotsa phazi galimoto imaima, pamene kubwerera chotsika galimoto imafuna kuthawa inu mukuyang'ana pagalasi.

Ku Gorodi, msewu wa makona 20 wochoka ku Chitimba kukwera ku Livingstonia, ndinaonapo madalaivala awiri atayang'anizana mphuno, aliyense akuliza hutala. Wotsika anali pa galimoto yamphamvu yokoka matayala onse anayi, yopanda katundu, ndipo malo opatukira anali mamita 20 okha kumbuyo kwake. Wokwera anali pa kalole kodzadza matumba a simenti. Bwana wotsika uja anakana kubwerera, akuti anafika pamalopo poyamba ndi iyeyo. Mnyamata wothandiza pa lole anachita kudumpha n'kutchinga tayala ndi mwala, lole ikutsetsereka pang'onopang'ono chakuphompho. Ndinatsika n'kumuuza kuti, "Bwana, mukapanda kubwerera inuyo, tonse tigona pompano, kapena tikatola anthu kumunsiku." Anabwerera akung'ung'udza, ndipo sizinamutengere ndi mphindi imodzi yomwe.

Komabe lamuloli lisakuchotseni nzeru. Ngati mukukwera pa kagalimoto kakang'ono ndipo kutsogolo kukutsika lole yodzadza kapena basi, musayembekezere kuti iima msanga kapena ibwerera chokwera pakona. Patukani inuyo, makamaka ngati malo otambasuka ali pafupi ndi inu. Ndipo wotsika, popeza muli pamwamba mumaona patali, imani pamalo abwino mukangoona fumbi la mnzanu, musadikire kuti mukumane pothina. Pakona yobisika lizani hutala ndipo khalani kumanzere kwanu.

Fungo lija likamveka, kapena pedulo ikayamba kufewa, imani pamalo oyamba otetezeka, tchingani tayala ndi mwala, mudikire theka la ola kapena kuposerapo. Musathire madzi pa mabuleki otentha monga amachitira ena, chitsulo chimapindika kapena kung'aluka. Ngati pedulo yalowa kale pansi, ipopeni mofulumira, tsitsani magiya imodziimodzi, kokani handibuleki pang'onopang'ono chala chili pa batani, ndipo zikakanika khulitsani galimoto kukhoma. Kupopako ndi kwa mabuleki a mafuta okha. Pa lole ya mabuleki a mpweya kupopa kumangomaliza mpweya m'thanki.

Mukafika kumunsi, mabuleki atabwerera, musanene kuti zatha. Mafuta amene anawirapo achotsedwe onse, mapadi aonedwe, ndipo ngakhale popanda vuto mafutawa amasinthidwa pakatha zaka ziwiri zilizonse. Chenjeraninso ndi amakaniko a pansi pa mtengo amene paipi ikadontha amaipinda kapena kuikhoma msomali kuti tayala limodzi lisagwire buleki, n'kukuuzani kuti "mukafika, bwana". Ena mafuta akatha amathiramo madzi a sopo. Madzi amawira pa madigiri 100, ndipo pamtsetse wa ku Chiweta kutentha kumeneko mabuleki amakufikira musanathe ndi makona atatu omwe. Ndinaonapo minibasi ili ndi mapaipi onse akumbuyo okhomedwa chotero, ikupakira anthu pa siteji, kondakitala akuitanira kuti yatsala mipando iwiri.