Madiramu 2,000 a pa kontrakiti ya ku Dubai: werengani besiki musanagulitse ng'ombe

Mwezi wathawu kuofesi kwanga kunabwera mdala wina wa ku Katete pamodzi ndi mphwake, mnyamata wa zaka 24 amene amakhala ku Kapata muno mu Chipata. Mnyamatayo anapeza ntchito yopakira ndi kutsitsa katundu m'nyumba yosungiramo katundu ku Dubai, ndipo ejenti anamutumizira kontrakiti pa foni. Amalume ake anali atapeza kale wogula ng'ombe ziwiri kuti alipire zaulendo. Funso lawo linali limodzi: "Abambo, akuti azilandira madiramu 2,000 pa mwezi. Ndi zoona?"

Ndinawauza kuti nambalayo ilipodi papepala, koma siyikutiuza zimene mnyamatayo azitenga m'manja. Ndakhala ndikuwerengera anthu makontrakiti a ntchito kwa zaka zambiri, ndipo nthawi zonse ndimayamba ndayang'ana mmene ndalamayo aigawira.

Pa kontrakiti imeneyi madiramu 2,000 anawadula patatu. Malipiro enieni, amene timawatcha besiki, anali 1,200. Alawansi ya chakudya ndi thiransipoti inali 600. Otsala 200 analembedwa kuti ndi ovataimu yokhazikika, kutanthauza kuti kaya mugwire maola owonjezera angati, ndalama yake ndi yomweyo. Amalume aja anati kugawako kulibe kanthu, popeza zonse zikugwera m'thumba limodzi. Ayi ndithu, kuli ndi kanthu. Lamulo la zantchito la United Arab Emirates, dziko limene kuli Dubai, nambala 33 la chaka cha 2021, limene linayamba kugwira ntchito pa 2 Febuluwale 2022, limawerengera ovataimu pa besiki yokha. Ngakhale ndalama imene munthu amalandira akamaliza ntchito, malipiro a masiku 21 pa chaka chilichonse m'zaka zisanu zoyamba, imachokeranso pa besiki. N'chifukwa chake mabwana ambiri amakonda besiki yaing'ono ndi maalawansi onenepa. Nambala yaikulu imakoka maso, koma imene adzagwiritse ntchito powerengera ufulu wanu ndi yaing'onoyo.

Tsopano maola. Lamulo lomwelo limati maola a ntchito ndi 8 pa tsiku kapena 48 pa sabata. Izi sizachilendo kwa ife, chifukwa lamulo lathu la zantchito, nambala 3 la 2019, nalonso limaika maola 48 pa sabata. Kusiyana kwagona pa mtengo wa ola lowonjezera. Kuno kwathu ola la ovataimu limalipidwa ngati ola limodzi ndi theka. Kumeneko amangowonjezera 25 peresenti pa mtengo wa ola, ndipo imakwera kufika 50 peresenti ngati ovataimuyo yagwiridwa pakati pa 22 koloko usiku ndi 4 koloko m'bandakucha. Ya usikuyi siperekedwa kwa anthu amene amagwira ntchito yosinthana mashifiti, ndipo ntchito zambiri za m'nyumba za katundu ndi za mashifiti. Munthu amene anazolowera kuwerenga ovataimu yake kuno asapite ndi masamu omwewo.

Kontrakiti ya mnyamatayu inati maola 8 pa tsiku, masiku 6 pa sabata. Koma m'munsi mwake munali chiganizo chonena kuti wantchito adzatsata ndondomeko ya maola imene kampani idzaike malinga ndi kuchuluka kwa ntchito. Chiganizo chotere ndikachiona ndimaima. Ndinamupempha kuti afunse ejenti, molemba, nthawi yeniyeni yoyambira ndi yowerukira. Yankho linabwera tili pomwepo: kulowa 7 koloko m'mawa, kuweruka 18 koloko madzulo, ola limodzi lopuma masana.

Kuchoka 7 kufika 18 ndi maola 11. Ola lopuma silowerengedwa ngati ntchito, choncho atsala maola 10. Nthawi ya m'basi kuchoka kumene antchito amagona kupita kuntchito nayonso kawirikawiri siwerengedwa, ngakhale itakhala ola lathunthu kupita ndi lina kubwerera. Ndiye kuti tsiku lililonse mnyamatayu azigwira maola awiri a ovataimu, ndipo pa masiku 26 a m'mwezi amakwana maola 52.

Tinatenga pepala ndi bolopeni. Njira imene ambiri amawerengera ndi kugawa besiki ndi masiku 30, kenako ndi maola 8. Madiramu 1,200 kugawa ndi 30 akutipatsa 40 pa tsiku, ndipo 40 kugawa ndi 8 akutipatsa 5 pa ola. Kuwonjezera 25 peresenti, ola la ovataimu likhala 6.25. Maola 52 kuchulukitsa ndi 6.25 ndi madiramu 325. Kampani inalemba 200. Mwezi uliwonse mnyamatayu azisiya madiramu 125 m'manja mwa bwana, ndipo pa zaka ziwiri za kontrakiti ndalamayo ikukwana 3,000, yofanana ndi malipiro a mwezi umodzi ndi theka. Mdala uja anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Anati, "Ndiye kuti mwanayu azilima munda wa eni ake ulere."

Sindikunena kuti ovataimu yokhazikika ndi yoipa nthawi zonse. Pa mwezi umene ntchito yachepa, wantchito amapindula nayo. Vuto limabwera pamene kontrakiti siyikutchula kuti ndalamayo ikuimira maola angati. Madiramu 200 pa mtengo wa 6.25 ndi maola 32 basi. Kontrakiti yabwino imalemba zimenezo poyera, n'kuwonjezera kuti ola lililonse lopitirira pamenepo lidzalipidwa palokha.

Palinso malire amene ejenti sanatchule. Lamulolo limalola ovataimu yosapitirira maola awiri pa tsiku, kupatula pa zinthu zadzidzidzi, ndipo limati maola onse asapitirire 144 pa masabata atatu. Mukawerenga, 144 ndi 48 katatu. Mnyamatayu pa ndondomeko ija azigwira maola 60 pa sabata, 180 pa masabata atatu. Kampani imene ikuuzani musanafike n'komwe kuti maola ake ndi otere yakuonetsani kale mmene imalemekezera lamulo. Za tsiku lopuma ndinena mwachidule: akakugwiritsani ntchito tsiku limenelo, ayenera kukupatsani tsiku lina lopuma, apo ayi akulipireni tsikulo ndi 50 peresenti ya besiki pamwamba.

Gawo limene linandikwiyitsa kwambiri ndi la kudula malipiro. Linati kampani ili ndi ufulu wodula pa malipiro ndalama iliyonse imene wantchito ali nayo ngongole, kuphatikizapo ya viza, ya kupimidwa kuchipatala, ya katundu wowonongeka ndi zindapusa. Mawu akuti "iliyonse" ndi amene amasiya anthu akugwira miyezi isanu osatumiza kanthu kumudzi.

Lamulo la kumeneko limaletsa bwana kulipiritsa wantchito ndalama zimene iye wawononga pomulemba ntchito, kaya mwachindunji kapena mozungulira. Viza yantchito, chilolezo chogwirira ntchito ndi kupimidwa kofunika pa chilolezocho ndi katundu wa bwana. Kuzilemba m'kontrakiti ngati ngongole ya wantchito sikuzisandutsa zololedwa. Zimene lamulo limalola kudula n'zowerengeka, ndipo zambiri zili ndi malire ake. Ngongole imene bwana anakubwerekani ingadulidwe ngati munavomera molemba, ndipo isakhale ndi chiwongoladzanja chilichonse. Ngati anakulipirani mopitirira molakwitsa, angadule osapitirira 20 peresenti ya malipiro pa mwezi. Chindapusa cha kuphwanya malamulo a pantchito chisapitirire 5 peresenti. Katundu amene mwawononga chifukwa cha kulakwa kwanu angadulidwe mpaka malipiro a masiku asanu pa mwezi, ndipo kupitirira apo pamafunika khoti. Zifukwa zikachuluka, zonse pamodzi zisadutse theka la malipiro.

Ya katundu wowonongekayi ndi imene imavuta kwa onyamula katundu. Bokosi likaphwanyika pa shifiti ya anthu khumi, mabwana ena amangogawa mtengo wake kwa onse. Lamulo likunena za kuwononga kumene kwachokera pa kulakwa kwa munthuyo kapena kusamvera malangizo, choncho funsani kuti kontrakiti inene mmene amafufuzira, ndiponso kuti mudzapatsidwa mpata woyankha asanadule.

Mudzadziwa bwanji kuti akudulani? Ku United Arab Emirates makampani amalipira kudzera m'banki kapena m'nyumba zosinthira ndalama pa njira yotchedwa WPS, imene unduna wa zantchito, MOHRE, umaiyang'anira. Njirayi imaonetsa ndalama imene yalowa, koma siyidziwa maola amene inu mwagwira. Umboni wa maola muzisunga nokha. Kabuku kakang'ono kolembamo nthawi yolowa ndi yotuluka tsiku lililonse, pamodzi ndi zithunzi za peisilipi ndi za ndondomeko ya mashifiti, n'zimene zimakuimirani mukakadandaula ku undunawo. Chenjeraninso ndi bwana amene amalowetsa malipiro onse m'banki kenako n'kukuuzani kuti mubweze ena pamanja. Pamenepo mapepala amaoneka oyera pamene inu mwadulidwa.

Zonse ndafotokozazi ndi za antchito a m'makampani. Alongo athu amene akupita kukagwira ntchito za m'nyumba ali pansi pa lamulo lina, nambala 9 la 2022, ndipo maola ake amawerengedwa mosiyana. Wopita ku Joni, ku Qatar kapena ku Saudi Arabia asatengenso manambala awa, dziko lililonse lili ndi ake.

Tisanasiyane, tinalembera ejenti zinthu zinayi. Tinapempha kalata yolonjeza ntchito ya pa fomu ya MOHRE, chifukwa kontrakiti imene adzasaine akafika iyenera kufanana ndi kalatayo, ndipo pakakhala kusiyana pakati pa Chingerezi ndi Chiarabu, Chiarabu n'chimene chimatsatidwa. Tinapempha kuti alembe maola amene madiramu 200 akuimira, ndi kuti opitirira adzalipidwa. Tinapempha kuti mawu a viza ndi kupimidwa achotsedwe pa gawo la zodula. Chomaliza, tinafunsa nambala ya chilolezo chake chotumizira anthu kuntchito, chimene ejenti wa muno mu Zambia amayenera kuchitenga kwa Komishonala wa Zantchito, kuti amalume akaifunse ku ofesi ya leba.

Patapita masiku anayi ejenti anayankha. Anavomera kuchotsa mawu a viza, koma pa ovataimu anati kampani sisintha mapepala ake chifukwa cha munthu mmodzi, ndipo za chilolezo sanayankhe kanthu. Mdala uja anandiimbira foni ali ku Katete kundiuza kuti wogula ng'ombe wamuuza ayambe wadikira, ndipo Lolemba akwera basi kubwera ku ofesi ya leba ndi mphwakeyo.